Ukatswiri wa mbali imodzi kapena udokotala wa matenda onse: momwe uliwonse umakalambira

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 28, ndinamaliza intenishipu ndipo ndagwira ntchito chaka chimodzi pachipatala cha disitirikiti. Anzanga akuthamangira kukaphunzira ukatswiri wa maopaleshoni kapena wa maso, koma ine ndimakonda kuona odwala a mitundu yonse. Kodi tikadzafika zaka 55, adzakhale pabwino ndani, katswiri wa mbali imodzi kapena dokotala wa zonse?

Yankho: Adokotala, onse awiri adzakalamba, koma ukalambawo sudzawalowera pakhomo limodzi. Katswiri wa opaleshoni umamulowera m'thupi ndi m'zida zimene ntchito yake yatsamirapo, pamene nzeru yake yodziwa wodwala woyenera kumung'amba ndi woyenera kumusiya imapitirira kukula mpaka tsiku lopuma ntchito. Dokotala wa zonse umamulowera m'mutu, chifukwa zimene anaphunzira zimatha ntchito mwakachetechete iye osadziwa, ndipo umamuloweranso kudzera pampando wa muofesi, umene umamuchotsa kwa odwala akadali wamng'ono. Ine ndine wa maopaleshoni, koma ndinayamba ndagwira zaka zingapo kudisitirikiti, choncho ndilankhula za zimene ndaziona mwa ine mwini ndi mwa anzanga amene tinayambira limodzi.

Tiyambe tawerenga zaka, popeza ambiri amasankha asanawerenge. Maphunziro a ukatswiri otchedwa MMed kusukulu ya zaumoyo ya Kamuzu, imene kale tinkaitcha Koleji ya Udokotala isanaphatikizidwe ndi sukulu ya anamwino mu 2021, amatenga zaka zinayi. Mukadzera njira ya COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni la m'chigawo chino cha Afirika limene linakhazikitsidwa mu 1999, mumachita zaka ziwiri za maziko kenako zitatu za ukatswiri, zonse pamodzi zisanu. Mutayamba muli ndi zaka 30 mudzamaliza muli ndi 34 kapena 35, ndipo popeza m'boma timapuma ntchito pa zaka 60, mudzatsala ndi zaka pafupifupi 25 zogwiritsa ntchito ukatswiriwo. Zaka 25 ndi zambiri moti matenda, mankhwala ndi njira zochitira opaleshoni zimene mudzatuluke nazo m'sukulu zidzasintha kawiri kapena katatu musanapume. Funso lenileni tsono ndi lakuti mukufuna kusinthaku kudzakupezeni mutaima pati.

Katswiri sagwira ntchito ndi manja ake okha, ndipo ichi achinyamata amachizindikira mochedwa. Taonani dokotala wa maso amene ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa ng'ala. Opaleshoni yakeyo, m'manja ozolowera, imatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, koma kuti ichitike pafunika maikulosikopu ya m'fiyeta yogwira bwino, timagalasi toika m'diso m'malo mwa ng'alayo, makina ophera tizilombo pazida, namwino wodziwa kupereka chida dokotala asanachitchule, ndiponso anthu oyenda m'midzi kukapeza agogo amene anasiya kuona n'kuwabweretsa. Chimodzi chokha mwa izi chikasowa, katswiri uja amasanduka wolemba mankhwala a m'maso. Tiyerekeze kuti amachita maopaleshoni 15 pasabata kwa masabata 40, kumene kuli 600 pachaka. Maikulosikopu ikawonongeka n'kukhala miyezi isanu ndi itatu ikudikira sipeya, chaka chimenecho achita 200 okha, ndipo akadzabwerera m'fiyeta manja ake sadzakhala pamene anali. Chizindikiro chake chimadziwika: kachikopa kopyapyala kamene kamakhala kuseri kwa ng'ala kamayamba kumung'ambikira kawirikawiri, opaleshoni ya mphindi khumi imatenga theka la ola, ndipo iye mwini amayamba kupeza zifukwa zobwezera odwala amene ng'ala zawo zikuoneka zovuta. Kuti luso la opaleshoni limayenda ndi kuchuluka kwa odwala amene munthu akuwachita ndi nkhani yodziwika padziko lonse, ndipo kuno kwathu kuchulukako sikukhala m'manja mwa dokotala.

Pachifukwa chomwechi ukatswiri umamangirira munthu pamalo. Zida ndi magulu otere amapezeka makamaka pazipatala zazikulu zinayi, cha Kwini ku Blantyre, cha Kamuzu ku Lilongwe, cha Zomba ndi cha Mzuzu, kuonjezerapo zipatala zochepa za mishoni ndi za anthu eni. Mukasankha mbali yopapatiza kwambiri, dziwani kuti mwasankhiratu mizinda imene mudzalerere ana anu.

Za thupi, anthu amakonda kutchula maso, poti munthu akadutsa zaka 40 amayamba kuvutika kuona zapafupi, koma limenelo ndi vuto laling'ono limene magalasi amathetsa. Zimene magalasi sathetsa ndi msana ndi khosi la munthu amene waweramira odwala zaka 20, miyendo imene sifunanso kuima maola asanu ndi limodzi, ndi tulo. Ndili ndi zaka 35 ndinkatha kuchita opaleshoni ya matumbo opotana pakati pa usiku, kugona maola awiri, n'kuyamba mndandanda wa m'mawa ngati palibe chachitika. Nditapitirira zaka 50 ndinaona kuti usiku umodzi wotere ndimaulipira masiku awiri, ndipo pa tsiku lachiwirilo ndimasoka pang'onopang'ono ndiponso ndimapsa mtima msanga ndi anamwino osalakwa.

Palinso ngozi ina imene ili ya katswiri yekha, yakuti matenda amene wawapatsa moyo wake akhoza kutha, kapena kupeza mankhwala. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, madokotala ambiri m'maiko akunja anatchuka ndi opaleshoni yodula mitsempha ya kuchifu pofuna kuchepetsa asidi mwa odwala zilonda za m'mimba, ndipo ena anathera zaka akukangana za kadulidwe kabwino koposa. Mu 1976 kunabwera mapiritsi a simetidini ochepetsa asidi m'chifu, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kamene kamaphedwa ndi mankhwala akumwa. Opaleshoni ija inangotsala pang'ono kuzimiririka, ndipo lero timang'amba makamaka chilonda chikaboola chifu kapena chikamataya magazi osaleka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabweranso njira yochotsa ndulu kudzera m'timabowo ndi kamera, ndipo akuluakulu a zaka 50 anayenera kukhala pansi kuphunzitsidwa ndi ana amene iwo omwe anawaphunzitsa kugwira mpeni. Amene anapulumuka pa zosintha ziwirizi anali amene ankadziona ngati akatswiri a matenda a m'mimba, osati akatswiri a kadulidwe kamodzi. Ngati mudzasankhe ukatswiri, zamani pa chiwalo cha thupi kapena pa gulu la odwala, ndipo njira kapena makina muziwatenga ngati chovala chimene mudzavule.

Komabe sindikubisirani kuti katswiri amene wasamala izi amakalamba bwino, mwina kuposa wina aliyense m'chipatala. Manja akayamba kuchedwa amakhala atadzaza m'mutu odwala zikwi zambiri a mtundu umodzi, ndipo chimene achinyamata amamuitanira m'fiyeta si kusoka, koma kuti awauze ngati chotupa ichi n'chochotseka kapena atseke pamimba asanaphe munthu. Amachepetsa maopaleshoni aatali, amachulukitsa kuona odwala kukiliniki, kuphunzitsa ndi kuyesa mayeso, ndipo pepala lake limam'tsegulira ntchito kuzipatala za anthu eni ngakhale atapuma m'boma.

Za dokotala wa zonse ndikhalitsapo, chifukwa kumeneko n'kumene mtima wanu wapendekera, ndipo n'kumene anthu amanamizana kwambiri.

Ubwino wake umaoneka usiku. Tinene kuti ambulansi yafika cha m'ma 2 koloko usiku kuchokera kuchipatala chaching'ono ndi mayi amene wakhala akuvutika kubereka tsiku lathunthu. Zowawa za kubereka zaleka mwadzidzidzi, mtima wa mwana sukumveka, ziwalo za mwana zikukhudzika pafupi kwambiri ndi khungu la pamimba, mtima wa mayi ukugunda mothamanga ndipo m'zikope mwayera. Chiberekero chaphulika. Chipatala chachikulu chili pa mtunda wa maola atatu, ndipo kosungira magazi kwatsala mapaketi awiri a gulu lake. Munthu mmodzi ayenera kugamula zinthu zingapo nthawi imodzi: kuti mayiyu sangapirire ulendowo, kuti madiripu awiri aikidwe ndipo magazi ayambe kulowa pamene fiyeta ikukonzedwa, kuti agwirizane ndi wogonetsa za mankhwala amene sangagwetse kuthamanga kwa magazi kumene kwatsika kale, ndipo akatsegula pamimba, kuti asoke pong'ambikapo kapena achotse chiberekero, poyang'ana kukula kwa bala, ngati layamba kuola, ndi kuti mayiyu ali ndi ana angati amoyo. M'mawa munthu yemweyo ayenera kukumbukira kuti mayiyu ali pa mankhwala otalikitsa moyo amene sayenera kudumphitsa, kuyang'anira mkodzo wake poopa impso ndi chikhodzodzo, n'kukhala pansi ndi mwamuna wake ndi apongozi kuwafotokozera za mwana ndi za kulera. Pachipatala chachikulu ntchito imeneyi imagawidwa kwa anthu anayi kapena asanu. Luso lomanga zonsezi pamodzi limakula ndi zaka, ndipo dokotala amene wakhala m'boma limodzi zaka 15 amafika podziwa ngakhale zipatala zazing'ono zimene zimatumiza odwala mochedwa ndi mlatho umene umaduka mvula ikagwa.

Koma taonani zimene zachitikira mankhwala a malungo okha. Mu 1993 Malawi inasiya kolorokwini n'kutenga fansida, mu 2007 tinasiya fansida n'kutenga LA, ndipo pa malungo aakulu kwinini analowedwa m'malo ndi atesuneti. Pa kachilombo ka HIV, mankhwala aulere anayamba mu 2004, mu 2011 tinayamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka nako, mu 2016 kwa aliyense wopezeka nako osadikira kuti chitetezo chitsike, ndipo mu 2019 ambiri anasamutsidwira pa dolutegilaviya. Awa ndi matenda awiri okha. Katswiri amatsatira kusintha kwa mbali imodzi, ndipo anzake a mbali yomweyo amamudzutsa akagona, koma dokotala wa zonse ayenera kutsatira za ana, za amayi, za chifuwa chachikulu, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi matenda a maganizo, ali kutali ndi aliyense womudzudzula. Mu 2005 ofufuza ena a ku Amereka anasonkhanitsa zofufuza pafupifupi 60 zoyerekeza zaka zimene dokotala wagwira ntchito ndi ubwino wa chithandizo chake, ndipo zoposa theka zinapeza kuti pamene zaka zikuchuluka, kudziwa ndi kutsatira njira zatsopano kumatsika. Zaka pazokha siziphunzitsa munthu mankhwala atsopano.

Kuipa kwa kukalamba kumeneku ndi kwakuti sikupweteka. Wa opaleshoni akafooka amaona yekha magazi ndi mabala osapola, pamene wa zonse akhoza kulemba mankhwala akale zaka zisanu, odwala n'kumamuyamikabe chifukwa amawalankhula bwino. Zizindikiro zilipo kwa wofuna kuziona: wapafamase kukubwezerani pepala kuti mankhwalawa anasiya kubwera, ophunzira ongochoka kusukulu kuyang'anana mukamalamula, kapena kuzindikira kuti chaka chatha osatsegula buku la malangizo a kaperekedwe ka chithandizo la Unduna wa Zaumoyo ndiponso osapeza nthenda imene simunaiganizirepo kale. Mapointi a maphunziro opitiriza amene Khonsolo ya Madokotala imafuna pokonzanso chiphaso amathandiza, koma munthu akhoza kuwakwanitsa pongokhala m'misonkhano ya kunyanja. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kusaphonya lipoti la m'mawa, kukhala nawo pa kuunika imfa iliyonse ya mayi ndi ya mwana, ndi kutsatira wodwala aliyense amene mwamutumiza kuchipatala chachikulu kuti mumve chimene anamupeza nacho. Foni imodzi imeneyo ndi mayeso aulere a kaganizidwe kanu.

Chimene chimatha madokotala a zonse ambiri kuno kwathu si mabuku ayi, koma mpando. Popeza madokotala kudisitirikiti ndi ochepa, wachinyamata amapatsidwa udindo woyang'anira chipatala, mwinanso zaumoyo za boma lonse, asanafike zaka 32. Mnzanga wina amene tinamaliza naye pamodzi anali ndi manja abwino kuposa anga, ndipo sindikunena modzichepetsa. Anamukweza msanga, masiku ake anadzaza ndi bajeti, mafuta a ambulansi, misonkhano ya kukhonsolo ndi alendo a mabungwe, ndipo siza ndi heniya anazisiyira makiliniko ofesa, amene kunena zoona ndiwo amachita maopaleshoni ambiri m'zipatala za m'maboma ndipo ambiri a iwo amawachita bwino. Atafika zaka 45 anali atatha zaka khumi osalowa m'fiyeta. Mpando utapita kwa wina, anapezeka kuti kuwodi sangapikisane ndi kiliniko ofesa wozolowera, pepala la ukatswiri alibe, ndipo la utsogoleri wa zaumoyo sanalichitenso. Iyeyu sanasankhe kukhala dokotala wa zonse; anangotsalira, ndipo kutsalira n'kumene kumakalamba moipa koposa njira zonse. Utsogoleri ndi ntchito yolemekezeka, koma woufuna aulowe mwadala n'kuuphunzira, osati kungokokedwa nawo.

N'chifukwa chake ndikuti musaganize ngati kuti mbali imodzi kuli sukulu, mbali inayo kulibe. Kuyambira mu 2015 kuno kwathu kuli MMed ya udokotala wa banja, ya zaka zinayi ngati enawo, imene ophunzira ake amaphunzirira pazipatala zonga cha Mangochi ndi cha Nkhoma m'malo mokhala mumzinda nthawi yonse. Cholinga chake ndi kuumba munthu wa usiku uja mwadongosolo, woti achite siza, aone mwana wakhanda, asamale wa shuga, aphunzitse makiliniko ofesa ndi kutsogolera gulu, ndipo potsiriza akhale ndi pepala lomutcha katswiri. Kwa munthu wa mtima ngati wanu, imeneyi ndiyo njira imene ndikanayamba kuifufuza. Musanalembetse, funsani amene anamaliza kale kumene akugwira ntchito, giredi imene anawaika, ndiponso masiku angati pasabata amene amakhudzadi odwala, chifukwa mayankho amenewo adzakuuzani zambiri kuposa kabuku ka sukulu.

Dziwaninso kuti makomo awiriwa satsekeka nthawi imodzi. Kuchoka ku udokotala wa zonse kupita ku ukatswiri n'kosavuta muli ndi zaka 30, n'kotheka muli ndi 35, koma kumalemera mukayandikira 40, pamene muli ndi ana kusekondale, ngongole ya nyumba, ndi thupi losafunanso kugona kuchipatala usiku uliwonse wachitatu pansi pa ulamuliro wa munthu wocheperapo msinkhu. Kubwerera kuchoka ku ukatswiri n'kovuta m'njira ina: palibe amene amakuletsani, koma patatha zaka khumi mukuona maso okhaokha, mwana wokomoka ndi malungo amakuopsani monga ankakuopserani muli wophunzira. Ine ndemwe sindingayerekeze lero kusintha mankhwala a wodwala HIV popanda kufunsa. Zaka ziwiri kapena zitatu za kudisitirikiti musanazame sizitayika, chifukwa wa opaleshoni amene anadutsako amadziwa chifukwa chimene wodwala wafikira mochedwa ndipo sanyoza kalata yomutumizira. Koma zikapitirira zisanu popanda chosankha, mpando uja umakhala utayamba kale kukusankhirani.

Pakadali pano chitani ichi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Gulani kope, ndipo tsiku lililonse lembani opaleshoni iliyonse imene mwachita, ngati munali nokha kapena wina anakuimirirani, ndi chimene chinavuta. Kopeli mwina adzalifunanso kumene mukafunsire malo a maphunziro. Kumapeto kwa tsamba lembani wodwala mmodzi amene mwapita naye kunyumba m'maganizo, amene mwamuwerengera buku usiku popanda wokutumani. Pakutha pa miyeziyo werengani mizere ya pansiyo. Mukapeza kuti odwala ambiri ndi a mtundu umodzi, tinene ana obadwa masiku asanakwane kapena mafupa othyoka, ndiye kuti ukatswiri unakusankhani kale ngakhale pakamwa mukunena zina. Mukapeza kuti abalalika, lero khunyu, mawa siza, mkuja agogo a mtima wotupa, ndipo chimene chimakusowetsani tulo ndi chifukwa chimene anafikira mochedwa, pitani mukacheze ndi a udokotala wa banja chaka chino chisanathe. Ndipo akakuitanani kuti mukhale pampando musanasankhe, pemphani kuti zilembedwe m'kalata kuti masiku awiri pasabata ndi a kuwodi ndi kufiyeta, ndiponso kuti dzina lanu lisachotsedwe pa mndandanda wa ogwira usiku.